Kuyendetsa pulogalamu yakale ya bizinesi mu Windows XP ya m'kati mwa VirtualBox

Kompyuta yakale yomwe ili ndi pulogalamu ya malonda ikayamba kulira fani, kuzima yokha, kapena kutenga mphindi khumi isanatseguke, mwini bizinesi amagula yatsopano poganiza kuti angosamutsirako pulogalamuyo. Akayesa kuyiika, Windows 11 imayankha kuti "This app can't run on your PC". Kampani yomwe inalemba pulogalamuyo inatseka kalekale, koma mabuku onse a katundu, ngongole za makasitomala ndi mitengo ya zaka khumi ndi zisanu ali momwemo.

Kukanaku kuli ndi chifukwa chenicheni. Mapulogalamu ambiri a m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa 2000 ndi a 16-bit, kapena ndi a 32-bit koma kachigawo kowaikira m'kompyuta ndi ka 16-bit. Windows ya 32-bit inali ndi chigawo chotchedwa NTVDM chomwe chinkayendetsa mapulogalamu otere. Windows ya 64-bit ilibe chigawochi, ndipo Windows 11 imapezeka ya 64-bit yokha. Njira ya Compatibility Mode, yomwe ambiri amathamangira, imangonamiza pulogalamu kuti ili pa Windows yakale, koma siyibweza chigawo chomwe chinachotsedwa. Vuto lina ndi la madalaiva: Windows ya 64-bit simalola dalaiva wa 32-bit, choncho kachipangizo ka layisensi kapena pulinta yomwe dalaiva wake anathera pa XP sizingagwire ngakhale pulogalamu yeniyeniyo itatseguka.

Apa ndi pomwe kompyuta yongoyerekeza imathandiza. Pulogalamu ngati VirtualBox ya Oracle kapena VMware Workstation imapatula gawo la purosesa, la memore ndi la disiki ya kompyuta yatsopano, n'kuliumba kukhala ngati kompyuta ina yoima payokha, yokhala ndi zipangizo zachikale zomwe Windows XP imazidziwa. XP ikalowa m'menemo siyidziwa kuti disiki yake ndi fayilo chabe yomwe ili pa disiki ya Windows 11. Kuyika XP m'menemo si kovuta. Ntchito yaikulu ili pa malire, paliponse pomwe kompyuta ya m'katiyo ikufuna kukhudza chinthu chenicheni cha kunja: disiki, kakiyi ka layisensi, pulinta, netiweki ndi magetsi.

Kuti nkhani imveke, titenge chitsanzo cha sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Pulogalamu yake inalembedwa mu FoxPro, imasunga zonse m'mafayilo a .DBF mu foda ya `C:\STOKO\DATA`, imafuna kakiyi ka USB kuti itseguke, ndipo imasindikiza malisiti a mapepala atatu pa pulinta ya Epson LX-300+II kudzera pa LPT1, doko lakale la pulinta. Kompyuta yakale ili ndi XP Service Pack 3 ndi disiki ya 80 GB, pomwe zinthu zadzaza 14 GB zokha.

Musanakhudze chilichonse

Kompyuta yakale ikadali kuyaka, pali zinthu zoyenera kutengamo zomwe simudzazipezanso ikafa. Sindikizani malipoti atatu a tsiku lomaliza: mtengo wa katundu yense wotsala, ngongole zonse za makasitomala, ndi malonda a mwezi umenewo. Manambala amenewa ndi omwe adzakuuzeni ngati kusamukako kwayenda bwino. Kenako tsekani pulogalamu, koperani foda yonse ya `C:\STOKO` pa disiki yapadera, ndipo tsegulani Command Prompt n'kulemba izi:

```
vol C:
ipconfig /all
```

Lamulo loyamba limaonetsa nambala ya disiki, lachiwiri limaonetsa dzina la kompyuta ndi Physical Address ya khadi la netiweki. Mapulogalamu ena akale amamangirira layisensi yawo pa imodzi mwa nambalazi. Lembaninso zomwe zili mu Regional and Language Options, makamaka kalembedwe ka deti. Izi zimaoneka zazing'ono, koma XP yatsopano ikasiyidwa pa kalembedwe ka ku America, 03/04 imawerengedwa kuti 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, ndipo pulogalamu ina imalandira detilo osadandaula. Vutoli limadzaonekera pa kutha kwa mwezi, malipoti atasokonezeka kale.

Pa kompyuta yatsopano, onani mu Task Manager, pa Performance ndi CPU, ngati palembedwa "Virtualization: Enabled". Ngati sichoncho, lowani mu BIOS muyatse Intel VT-x, kapena SVM Mode ngati purosesa ndi ya AMD. Kuyambira pa 6.1, VirtualBox siyendetsa kompyuta ya m'kati popanda zimenezi.

Njira ziwiri zopezera XP ya m'kati

Njira yoyamba ndi kuyika XP yatsopano kuchokera pa CD, kenako n'kuyika pulogalamu ya sitolo ndi kubwezeramo foda ya mabuku. Ngati CD ya pulogalamu ndi nambala zake zonse zilipo, njirayi ndi yabwino koposa, chifukwa XP imakhala yoyera, yopanda zinyalala za zaka zambiri. Kawirikawiri komabe CD inasowa, kapena katswiri yemwe anaika pulogalamuyo anasintha tinthu tina mu Registry tomwe palibe akukumbukira. Zikatero mumatsata njira yachiwiri: kukopera disiki yonse yakale kukhala fayilo imodzi.

Zimitsani kompyuta yakale bwinobwino, chotsani disiki, ilumikizeni ku kompyuta yatsopano ndi kachingwe kosinthira SATA kapena IDE kupita ku USB. Windows ikafunsa ngati mukufuna kuyikonza kapena kuyifufuta, kanani. Tsegulani Disk2vhd, kapulogalamu kaulere ka Microsoft Sysinternals, sankhani zigawo za disiki yakale yokha, ndipo chotsani chongi pa "Use Vhdx" kuti mupeze fayilo ya .vhd, yomwe VirtualBox imawerenga ndi kulembamo popanda vuto. Fayiloyo imatenga malo a zinthu zomwe zilimo basi, ndiye pa chitsanzo chathu ikhala pafupifupi 14 GB, osati 80. Ikatha, ikopereni kawiri. Kope loyamba lisungidwe osakhudzidwa, zoyesa zonse zichitikire pa lachiwiri. Disiki yakale ibwezereni m'kompyuta yake, ndipo kompyutayo isagulitsidwe kapena kufufutidwa mpaka mwezi umodzi utatsekedwa bwino pa yatsopano.

Mu VirtualBox, pangani kompyuta ya mtundu wa Windows XP (32-bit), mwachitsanzo yotchedwa `Stoko-XP`. Ipatseni memore ya 1024 MB ndi purosesa imodzi. Anthu amakopeka kupereka zambiri, koma XP ya 32-bit siyitha kugwiritsa ntchito zopitirira pang'ono 3 GB, ndipo pulogalamu ya FoxPro siyithamanga chifukwa cha purosesa yachiwiri. Fayilo ya disiki ilumikizidwe ku IDE, osati SATA, chifukwa XP inabwera yopanda dalaiva wa AHCI, yemwe SATA ya VirtualBox imafuna. Khadi la netiweki lisiyeni pa "Not attached" pakadali pano.

Kuyatsa koyamba

Si kawirikawiri disiki yokoperedwa kuyaka bwino ulendo woyamba, ndipo mmene yalepherera ndi momwe mumadziwira chomwe chavuta.

Ngati chizindikiro cha XP chaoneka kenako kompyuta n'kuyambiranso yokha mobwerezabwereza, dinani F8 ikamayamba ndi kusankha "Disable automatic restart on system failure" kuti sikirini ya buluu iime muiwerenge. Nthawi zambiri pamalembedwa STOP 0x0000007B. Tanthauzo lake n'lakuti XP yayamba kuyenda, yafika pofuna dalaiva wa chipangizo chogwira disiki, koma dalaiva yemwe ili naye ndi wa bolodi yakale, wosagwirizana ndi IDE ya VirtualBox. Mabuku anu sanaonongeke, XP yangolephera kufikira disiki yake. Ngati kompyuta yakale ikuyakabe, lowani mu Device Manager yake, pitani pa IDE ATA/ATAPI controllers, sinthani dalaiva akhale "Standard Dual Channel PCI IDE Controller", zimitsani, ndipo koperaninso disiki. Dalaiva ameneyu ndi wamba, amagwira pa bolodi iliyonse ya IDE. Ngati yakaleyo inafa, yatsani kompyuta ya m'kati ndi CD ya XP ya mtundu womwewo, dutsani funso loyamba la Recovery Console, vomerani layisensi, ndipo ikapeza Windows yomwe ilipo dinani R. Izi zimakonzanso Windows osafufuta mapulogalamu ndi mafayilo, koma zimafuna nambala ya layisensi, ndiye ikhale pafupi.

Ngati m'malo mwa sikirini ya buluu mwangoona mdima wosatha, yang'anani mu System, pa Motherboard, malo olembedwa "Enable I/O APIC". XP imasankha chigawo cholankhulira ndi bolodi pa nthawi yoiika, ndipo siyichisintha yokha. Yomwe inaikidwa pa kompyuta ya purosesa ya mitima iwiri imayembekezera kupeza I/O APIC, ikapanda kuipeza imangoima. Chongani pamenepo, yatsaninso.

XP ikatseguka idzapempha madalaiva ambirimbiri. Kanani onse, pitani pa Devices musankhe "Insert Guest Additions CD image", muike zomwe zilimo. Zimenezi zimabweretsa dalaiva wa sikirini, kuyenda bwino kwa mausi, kugwirizana kwa wotchi ndi ya kompyuta yeniyeni, ndi mafoda ogawana. Mukatero chotsani mapulogalamu a zipangizo zomwe kulibenso, monga a khadi la zithunzi ndi oyang'anira fani, komanso antivayirasi yakale yomwe inasiya kulandira zatsopano ndipo ikungodya memore.

Pansi pa zenera la VirtualBox, kumanja, pakaoneka kachizindikiro ka kamba wobiriwira, ndiye kuti Hyper-V, chigawo cha Windows choyendetsa makompyuta ongoyerekeza, yagwira kale VT-x ndipo VirtualBox ikudutsira mwa iyo, n'chifukwa chake zonse zikukwawa. Pa Windows 11 izi zimachitika kwambiri chifukwa cha Memory integrity, yomwe ili mu Core isolation. Kuizimitsa kumabweza liwiro, koma kumachotsanso chitetezo china pa kompyuta yeniyeni. Pa pulogalamu yopepuka ngati ya sitoloyi, yambani mwayesa kugwira nayo ntchito tsiku lonse kamba ali pomwepo. Ngati malisiti akutuluka pa nthawi yake, chitetezocho chisiyeni.

Nkhani ya layisensi ya Windows

XP ikaona kuti zipangizo zasintha kwambiri imafuna kutsimikizidwanso, ndipo imapereka masiku atatu okha. Yoikidwa kumene imapereka masiku 30. Chachikulu apa ndi mtundu wa layisensi. Yomwe inabwera ndi kompyuta, ya sitika yomatidwa pa bokosi, ndi ya OEM, ndipo malamulo ake amaimangirira ku kompyuta imeneyo. Makampani akuluakulu opanga makompyuta ankaitsimikizira kudzera mu BIOS yawo, ndiye ikalowa mu VirtualBox imaona kuti BIOS ija palibe. Layisensi yogulidwa payokha m'bokosi imaloledwa kusamuka, ndipo ya makampani ogula zambiri sinkafuna kutsimikizira n'komwe. Dziwani mtundu womwe muli nawo musanayambe, osati tsiku lachitatu XP itakana kukulowetsani makasitomala ali pamzere. Ikatsimikizika, zimitsani ndi kusunga kope nthawi yomweyo, ndipo musasinthenso zipangizo zake mwachisawawa.

VirtualBox yeniyeniyo ndi yaulere ngakhale pa bizinesi, koma Extension Pack ili ndi layisensi ina yomwe imafuna malipiro mukaigwiritsa ntchito pa malonda. Kale inali yofunika kuti USB 2.0 igwire, koma kuyambira pa VirtualBox 7.0 ya mu 2022 zimenezi zili kale mu pulogalamu yaulere, choncho sitolo ya chitsanzo chathu siyikufunikira kuyiika.

Kakiyi ka layisensi

Tikiyi ta USB ta mtundu wa HASP kapena Sentinel timadutsa bwino kupita m'kati. Mu Settings, pa USB, sankhani USB 2.0, chifukwa XP ilibe dalaiva wa USB 3.0. Lowetsani kakiyi, dinani kachizindikiro kowonjezera fyuluta, musankhe dzina lake. Kenako kazuleni, yatsani XP, ndipo ikatseguka kalowetseninso. Fyuluta imagwira chipangizo pa nthawi yomwe chikulowetsedwa, n'chifukwa chake kutsata ndondomekoyi kumathetsa madandaulo ambiri akuti kakiyi sikakuoneka. Dalaiva wake aikidwe mu XP mokha. Akaikidwanso pa Windows 11, mbali ziwirizi zimalimbirana ndipo VirtualBox imanena kuti chipangizo chili "busy". Chenjeraninso ndi fyuluta yopanda kanthu, yosatchula chipangizo chilichonse: imakoka zonse za USB, kuphatikizapo mausi, kiyibodi ndi fulashi iliyonse yomwe munthu walowetsa.

Kakiyi ka pa doko la pulinta la mapini 25 ndi nkhani ina, ndipo apa anthu ambiri amataya ndalama. Kachingwe kosinthira USB kupita ku doko lotere kamangodziwa kutumiza zosindikiza. Dalaiva wa kakiyi amafuna kulankhula mwachindunji ndi adiresi ya doko, monga 0x378, ndipo kachingweko kalibe adiresi yotero. Chomwe chingathandize ndi kompyuta yokhala ndi doko lenileni pa bolodi, kapena kupempha wopanga pulogalamu, ngati akadalipo, kuti asinthe kakiyi kakhale ka USB. Funso limeneli liyankhidwe kompyuta yatsopano isanagulidwe.

Pulogalamu ikapanda kakiyi koma n'kunena kuti layisensi si ya kompyuta ino, bwererani ku manambala omwe munalemba aja. Nambala ya disiki imasamuka yokha mukakopera disiki yonse, koma imasintha mukaika XP yatsopano. Ya khadi la netiweki mungailembe nokha mu Network, pa MAC Address, manambala ndi zilembo 12 popanda timizere. Ngati kompyuta yakale ikadzayatsidwa, isakhale pa netiweki imodzi ndi yatsopano, chifukwa adiresi imodzi singakhale pa makina awiri.

Kusindikiza pa LPT1 yomwe kulibe

Pulogalamu ya sitoloyi imatumiza lisiti ku LPT1 ndipo mulibe posinthira. Kompyuta ya m'kati ilibe LPT1, koma XP imatha kulanda zonse zopita kumeneko n'kuzipititsa ku pulinta yogawidwa pa netiweki, ngakhale pulintayo ili pa kompyuta yomweyo. LX-300+II ili ndi doko la USB, choncho ilowetseni m'kati ndi fyuluta yake monga munachitira ndi kakiyi, ikani dalaiva wake mu XP, ndipo muigawe ndi dzina lalifupi lopanda mpata, monga `LX300`. Kugawaku kumafuna kuti XP ione netiweki yoyaka, ndipo popeza khadi lenileni talizula dala, onjezani Microsoft Loopback Adapter kudzera mu Add Hardware, muipatse adiresi yokhazikika ngati 10.10.10.1. Khadi limeneli silipita kulikonse, limangobwerera mwa iyo yokha. Kenako, ngati dzina la kompyuta ndi SITOLO:

```
net use LPT1: \\SITOLO\LX300 /persistent:yes
dir C:\ > LPT1
```

Mzere wachiwiri ndi woyesera. Mndandanda wa mafayilo ukatuluka pa pepala, njira yatseguka, ndipo vuto lililonse lotsala lili mu pulogalamu. Lisiti likamachedwa pafupifupi masekondi 15 lisanayambe kutuluka, si pulinta ayi: XP imadikira kuti ione ngati pulogalamu ya DOS yamaliza kutumiza. Nthawiyi ili mu Registry, pa `LPT_timeout` pansi pa `HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Control\WOW`, ndipo mungaitsitse kufika pa 2 kapena 3. Mukaitsitsa mopitirira, lipoti lalitali limaduka pakati n'kutuluka ngati ntchito ziwiri.

Sikelo kapena kabati ya ndalama yolumikizidwa pa COM1 ndi yosavuta: mu Serial Ports sankhani Host Device, mulembe dzina la doko monga likuonekera pa Windows 11, mwachitsanzo COM3, ndipo XP idzaliona ngati COM1.

Chifukwa chotsekera netiweki

Microsoft inasiya kukonza XP pa 8 Epulo 2014. Kuiika m'kati mwa VirtualBox sikutseka bowo lililonse lomwe ili nalo. Mu Meyi 2017 vayirasi ya WannaCry inafalikira kudzera m'bowo la SMB1, njira yakale yogawirana mafayilo, ndipo inali yoopsa moti Microsoft inatulutsa chigamba chapadera cha XP, KB4012598. Chigambachi chiikeni, pochibweretsa ngati fayilo, koma dziwani kuti mabowo ambiri opezeka pambuyo pake sanatsekedwe.

VirtualBox imaika khadi pa NAT mukapanda kusintha, ndipo ambiri amaganiza kuti NAT ndi chitetezo chokwanira. Imaletsadi akunja kuyamba kulankhula ndi XP, koma XP imatha kupita pa intaneti ndi kufikira makompyuta ena a mu ofesi. Wogulitsa akatsegula tsamba limodzi loipa, vayirasi yalowa. Bridged ndi yoipa koposa, chifukwa imaika XP poyera ngati kompyuta ina iliyonse ya pa netiweki. Pa sitolo ya kauntala imodzi, yankho labwino ndi "Not attached".

Mafayilo otuluka, monga malipoti opita kwa wowerengera ndalama, adutse mu Shared Folders ya VirtualBox. Imeneyi imayenda kudzera mu Guest Additions, siyifuna netiweki, ndipo siyikukakamizani kuyatsa SMB1 pa Windows 11, chinthu chomwe chikanafooketsa kompyuta yatsopano pofuna kusangalatsa yakale. Gawani foda imodzi yaing'ono, monga `zotuluka`, yomwe XP iziona ngati disiki X, osati disiki yonse ya C, chifukwa chilichonse chomwe XP ingalembemo, vayirasi ya mu XP ingachionongenso.

```
net use X: \\vboxsvr\zotuluka
```

Musasamutsire foda ya `DATA` m'menemo poganiza kuti kusunga makope kuphweka. Mafayilo a .DBF ndi a Access amadalira kutseka tizigawo ta fayilo pamene akulemba, ndipo foda yogawana siyodalirika pa zimenezi ngati disiki ya XP yeniyeni. Mabuku akhale pa C ya m'kati, makope okha ndi omwe azidutsa pa X, pulogalamu itatsekedwa. Ngati makauntala ndi awiri ndipo ayenera kuona mabuku amodzi, ikani khadi lachiwiri la netiweki m'kompyuta iliyonse, muwalumikize pa switchi yawoyawo yosafika ku rauta, ndipo Bridged iloze ku khadi limenelo lokha.

Magetsi akathima

Kwathu kuno magetsi amathima osatsanzika, ndipo kompyuta ya m'kati ili pa chiopsezo chachikulu kuposa yeniyeni. Pulogalamu ikalemba lisiti, XP imauza disiki kuti isunge, koma pansi pake pali VirtualBox, ndipo pansi pa VirtualBox pali Windows 11, yomwe imatha kusunga zolembazo mu memore kwa kanthawi. Pofuna liwiro, VirtualBox imanyalanyaza lamulo la XP lakuti zonse zitsikire pa disiki tsopano lino. Magetsi akathima pa nthawi imeneyo, fayilo ya .DBF ikhoza kukhala ndi lisiti lomwe fayilo ya indekisi, ya .CDX, siyikulidziwa. Zizindikiro zake ndi katundu wosapezeka pofufuza, nambala ya lisiti yobwerezedwa, kapena uthenga wonena kuti indekisi siyikugwirizana ndi tebulo. Kumanganso indekisi kumakonza vuto lotere, koma mutu wa fayilo ya .DBF ukaonongeka, chotsala ndi kope la dzulo.

Kunyalanyazaku kungathetsedwe. XP itazima, lembani izi pa kompyuta yeniyeni, muli mu foda ya VirtualBox:

```
VBoxManage setextradata "Stoko-XP" "VBoxInternal/Devices/piix3ide/0/LUN#0/Config/IgnoreFlush" 0
```

`LUN#0` ndi disiki yoyamba ya pa IDE. Kulemba kumachedwa pang'ono, koma pa SSD simungazindikire. Izi sizilowa m'malo mwa UPS, yomwe ikufunika kuti ipereke mphindi zokwanira kutseka pulogalamu, kuzimitsa XP, kenako Windows 11, mwa ndondomeko imeneyo. Laputopu ya batire yabwino imagwira ntchito yomweyi.

Ogwira ntchito aphunzitsidwe kazimitsidwe. Akadina X ya zenera, VirtualBox imapereka zosankha zitatu. "Power off the machine" n'chimodzimodzi kuzula chingwe cha magetsi. "Save the machine state" imaumitsa zonse momwe zilili, mafayilo ali otsegula, ndipo mawa kakiyi ka USB kakhoza kusadziwikanso mpaka XP itayambitsidwanso. Yoyenera ndi "Send the shutdown signal", kapena Shut Down ya XP yeniyeniyo. Ikaninso Active hours mu Windows Update kuti Windows 11 isadziyambitsenso masana XP ili pakati pa ntchito.

Snapshot si kope losunga

Batani la Snapshot limanyenga anthu ambiri. Mukalidina, VirtualBox imaumitsa fayilo ya disiki n'kuyamba kulemba zosintha zonse mu fayilo yachiwiri yodalira yoyamba. Zonse ziwiri zili pa disiki imodzi, ndiye disikiyo ikafa zafera limodzi. Mukakopera fayilo yaikulu yokha poganiza kuti mwasunga zonse, mwatenga sitolo monga inalili tsiku lomwe munadina batani lija, mwina miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Ndipo munthu akadina Restore mwangozi, malonda onse ochitika kuchokera tsikulo amafufutika. Snapshot ndi ya ola limodzi: itengeni musanayese chosintha, zikayenda bwino ifufuteni kuti mafayilo aphatikizane.

Makope enieni ndi a mitundu iwiri. Tsiku lililonse potseka, foda ya `DATA` ikoperedwe kupita pa X mu foda ya deti la tsikulo, kenako ichoke pa kompyutayo kupita pa disiki yakunja. Foda ya deti ndi yofunika chifukwa fayilo yoonongeka ikhoza kukhala masiku angapo osadziwika, ndipo kope lolembedwa pamwamba pa linzake lingakhale litaonongeka kale. Kamodzi pa mwezi, komanso pambuyo pa kusintha kulikonse, XP itazima, tulutsani kompyuta yonse:

```
VBoxManage export "Stoko-XP" -o E:\makope\Stoko-XP.ova
```

Fayilo ya .ova iyesedwe pa kompyuta ina kamodzi, mpaka pulogalamu itatseguka ndi kakiyi kake. Poilowetsa, pa MAC Address Policy sankhani kusunga ma adiresi onse, apo ayi VirtualBox ipanga atsopano ndipo layisensi ikhoza kukana. Sungani pamodzi ndi fayiloyo pulogalamu yoikira VirtualBox ya nambala yomwe mukugwiritsa ntchito, ndipo musakweze VirtualBox pakati pa sabata popanda chifukwa.

Kudziwa ngati zatheka, ndi pomwe njirayi imathera

Pulogalamu kutseguka si umboni. Tulutsani malipoti atatu aja mu XP ya m'kati muwayerekeze ndi osindikizidwa pa kompyuta yakale: agwirizane mpaka pa tambala. Lembani lisiti loyesera, lisindikizeni, onani ngati katundu watsika ndi deti lalembedwa bwino, kenako libwezeni. Zimitsani zonse, yatsaninso, muone ngati kakiyi ndi LPT1 zabwerera zokha popanda katswiri. Pa kope loyesera, tsekani mwezi komanso chaka, chifukwa zigawo zimenezi sizigwira ntchito tsiku ndi tsiku ndipo nthawi zina zimaitana kapulogalamu kena kapena foda yomwe inali pa disiki ina. Kuyambira tsiku losamuka, malonda alembedwe mbali imodzi yokha. Mabuku awiri olembedwa padera kwa sabata imodzi sagwirizanikanso mosavuta.

Pali zomwe njirayi singathe. Makina a m'fakitale kapena a mu labu oyendetsedwa ndi khadi la ISA kapena PCI lolowetsedwa m'bolodi sangadutse kupita mu VirtualBox ya pa Windows, ndipo pamenepo ndi bwino kusunga kompyuta yachiwiri yakale ya mtundu womwewo. Pulogalamu yofunika kutumiza malisiti pa intaneti, monga ku bungwe lotolera misonkho kapena ku banki, imakumana ndi vuto lakuti XP wamba siyidziwa TLS 1.2, yomwe maseva a masiku ano amafuna. Msonkho ukasintha ndipo chiwerengero chake chinalembedwa m'kati mwa pulogalamu, VirtualBox siyingachisinthe. Ngati pulogalamu ndi ya DOS yokha, kunyamula XP yonse n'kolemetsa, ndipo vDos kapena DOSBox-X zingakwanire.

Choncho pulogalamu ikadali kuyenda, tulutsani mabuku ake kukhala mtundu womwe pulogalamu ina ingawerenge. Mafayilo a .DBF amatseguka mu LibreOffice Calc, ndipo kuchokera pamenepo mungawasunge ngati CSV. Chitani izi pa kope, osati pa mafayilo omwe akugwira ntchito, ndipo lembani tanthauzo la mzati uliwonse pamene munthu wodziwa bwino pulogalamuyo akadali pa ntchito: mzati wa mtengo wogulira ndi uti, wogulitsira ndi uti, ndipo msonkho uli kale m'kati kapena umawonjezedwa pa lisiti.